Lipoti la nkhani ya tchuthi cha mmisiri wa ku Bembeke wogwira ntchito ku Joni

Mmene nkhani inandipezera

Ndimagwira ntchito yolangiza anthu pa za makalata a ntchito ndi a maulendo pa boma pa Dedza, ndipo ambiri amene amafika pa tebulo langa ndi abale a anthu amene ali kunja, makamaka ku South Africa. Nkhani iyi inandipeza Lachiwiri pa 6 Meyi 2025, pamene mayi wina wa ku Bembeke anabwera pamodzi ndi amalume a amuna awo. Amuna awowo ndi mmisiri wowotcherera zitsulo pa kampani ina yaing'ono ya ku Germiston, kufupi ndi Johannesburg, ndipo akugwira ntchito kumeneko movomerezeka, ali ndi viza ya ntchito imene anthu athu amaitcha pemiti. Akubanja anali atagwirizana kuti mwambo wa chiliza cha mayi awo a mmisiriyo uchitike Loweruka pa 27 Sepitembala, ndipo iwo, pokhala mwana wamwamuna wamkulu amenenso ankatumiza ndalama za simenti, sakanatha kujomba. Anali atagula kale tikiti ya basi yonyamuka ku Johannesburg pa 20 Sepitembala ndi kubwerera pa 10 Okutobala. Chimene abalewo anabwerera kwa ine chinali chaching'ono m'maso mwawo: ankangofuna kuti ndiwalembere kalata yabwino ya Chingerezi yopemphera tchuthi kwa abwana, chifukwa pempho la pakamwa linali litayankhidwa kuti adikire Disembala.

Ndinawauza kuti kalatayo ndilemba, koma pokhapokha nditaona masamba awiri a pasipoti, la chithunzi ndi la viza, komanso pepala la malipiro losonyeza masiku a tchuthi amene atsala. Amalume sanakondwe nazo. Anati, "Bambo, tsiku tinapangana kale ndipo amfumu akudziwa, inu mungotilembera kalata basi." Mayi aja anaimba foni ku Joni tili pomwepo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo zithunzi zinafika.

Zimene zinali pa mapepala

Viza inali kutha pa 30 Novembala 2025. Pasipoti, imene anatenga mu Januwale 2016, inali kutha pa 14 Januwale 2026, popeza pasipoti ya munthu wamkulu kwathu kuno imakhala zaka khumi. Mmisiriyo ankaona kuti zonse zili bwino, chifukwa ulendo wake wonse, kupita ndi kubwerera, unali mkati mwa masiku amenewa. Anthu ambiri amalakwira pamenepa, poganiza kuti tsiku lolembedwa pa chikalata ndi limene chimasiya kugwira ntchito, chonsecho chilichonse mwa zikalata ziwirizi chili ndi tsiku lina losalembedwa limene limafika msanga.

Tsiku losalembedwa la viza limachokera m'malamulo a South Africa a za anthu olowa m'dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 2014. Malamulowa amati wofuna kuwonjezera nthawi ya viza apereke pempho lake kutatsala masiku osachepera 60 kuti vizayo ithe. Pempholo limaperekedwa kudzera ku ofesi za VFS, kampani imene imalandira mapempho a viza m'malo mwa boma la kumeneko, mwini wake atapita yekha pa tsiku limene wasungitsa malo. Tikawerenga chobwerera m'mbuyo kuchoka pa 30 Novembala, masiku 60 akutifikitsa pa 1 Okutobala. Pa tsiku limenelo, malinga ndi tikiti imene anagula, mmisiriyo akanakhala ali ku Bembeke, ndipo akanafika ku Johannesburg cha pa 12 Okutobala, nthawi yopereka pempho itadutsa kale ndi masiku oposa khumi.

Ngakhale akanabwerera pa nthawi yake, pempholo silikanayenda ndi pasipoti imene anali nayo. Viza imamatidwa m'pasipoti, ndipo pasipotiyo iyenera kukhala ndi masamba opanda kanthu komanso kupitirira ndi masiku osachepera 30 kuchokera pa tsiku limene munthu akuyembekezeka kutuluka m'dzikomo. Wopempha viza ya zaka zingapo ndi pasipoti imene yatsala ndi miyezi itatu ndi theka sangayembekeze kupatsidwa zaka zimene akufunazo. Choncho pasipoti yatsopano inayenera kukhala m'manja mwake 1 Okutobala asanakwane, ndipo ulendo wakumudzi, umene abale ankauona ngati wa chiliza chokha, unasanduka ulendo wokatenganso pasipoti.

Tsiku losalembedwa la pasipoti linakhudza tikiti ya basi. Basi yochoka ku Park Station mu Johannesburg kubwera ku Lilongwe imadutsa pa Beitbridge kulowa m'Zimbabwe, pa Nyamapanda kulowa m'Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, ndiyeno kudzatulukira pa chipata chathu cha Dedza pano, mbali inayo ikutchedwa Calomue. Mmalawi safunika kukhala ndi viza podutsa m'mayiko awiriwa, koma onse amafuna kuti pasipoti ya mlendo ikhale itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kuchoka pa 14 Januwale 2026 kubwerera m'mbuyo miyezi isanu ndi umodzi, tikufika pa 14 Julayi 2025. Ndikudziwa kuti alipo amene amadutsa ndi pasipoti yotsala pang'ono osafunsidwa kanthu, ndipo mmisiriyo ananditchulira anzake awiri otero. Ndinamuyankha kuti sindingakonze ulendo wa munthu amene ntchito yake ili pa chiswe potengera mwayi wa anzake, chifukwa akabwezedwa pa Nyamapanda basi imapitirira ndi katundu wake, iye n'kutsala pakati pa njira masiku a tchuthi akutha.

Njira zimene ndinakana

Abale anabweretsa maganizo atatu, ndipo ndiwalembe pano chifukwa ndimawamva kawirikawiri. Oyamba anali a abwana omwe aja, akuti adikire Disembala. Pa maganizo onse awa ndiwo anali oopsa kwambiri. Tiyerekeze kuti mmisiriyo wapereka pempho lake mu Sepitembala ndipo yankho silinatuluke pofika pa 30 Novembala, monga zimachitikira nthawi zambiri. Chimene amakhala nacho m'manja ndi lisiti ya VFS, ndipo lisitiyo si viza. Munthu akafika pa chipata kuti atuluke viza yake itatha, amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo, zimene anthu amati kubanidwa: chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapitirira masiku 30. Wonyamuka pakati pa Disembala akanagwera pa chaka chimodzi, wonyamuka m'Januwale pa zaka zisanu. N'zoona kuti unduna wa za m'dziko wa kumeneko wakhala ukutulutsa zilolezo za kanthawi zoteteza anthu amene mapempho awo akuchedwa, koma chilichonse chimakhala ndi tsiku lake lothera ndi gulu lake la anthu amene chikuwakhudza, moti m'mwezi wa Meyi palibe akanalonjeza kuti m'Disembala kudzakhala chilolezo chomuphimba iyeyo.

Maganizo achiwiri anachokera kwa mlamu wake, amene amapitapita ku Joni kukaoda katundu. Iye anati viza ikathera kumudzi palibe vuto, adzangolowa ngati mlendo n'kudindidwa masiku 30 monga amachitira Amalawi onse, zinazo akakonzera konko. Ndinafotokoza kuti chidindo cha masiku 30 sichilola munthu kugwira ntchito, ndipo malamulo a 2014 aja salola kuti wolowa ngati mlendo asinthe kukhala wa viza ya ntchito ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera zimene mmisiri wathuyu analibe. Akanayenera kuyamba pempho latsopano ali kuno ku Malawi, ndipo ndi abwana ochepa amene angasunge malo a munthu kwa miyezi yosadziwika.

Achitatu anali a chikalata cha ulendo wadzidzidzi chimene ofesi za kazembe wathu zimapereka kwa amene wataya pasipoti kapena yamuthera. Chikalata chimenecho ndi chofikitsira munthu kwawo. Sichilowa m'malo mwa pasipoti pobwerera ku ntchito, ndipo pa nkhani iyi sichinafunike n'komwe popeza pasipoti yakale inali ikadali ndi moyo.

Masiku a tchuthi ndi zimene lamulo limanena

Pepala la malipiro ndi limene linatsegula njira. Lamulo la South Africa la mu 1997 lokhudza kagwiridwe ka ntchito limapatsa wantchito masiku 21 otsatizana a tchuthi cholipidwa pa miyezi 12 iliyonse, amene kwa munthu wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu ndi masiku 15 a ntchito. Miyezi 12 imeneyi imawerengedwa kuchokera pa tsiku limene munthu anayamba ntchito. Mmisiriyu anayamba pa 1 Malichi, choncho chaka chake cha tchuthi chimatha kumapeto kwa Febuluwale. M'Disembala 2024, anzake atapita ku tchuthi, iye anali m'gulu la ochepa amene anatsala kumaliza ntchito ya makasitomala, motero masiku ake onse 15 a chaka chimene chinatha pa 28 Febuluwale 2025 anali osakhudzidwa.

Lamulo lomwelo limanena zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zikukokana. Limati nthawi ya tchuthi ikhale yogwirizana pakati pa wantchito ndi womulemba, ndipo pakapanda mgwirizano, wolemba ntchito ndiye amasankha. N'chifukwa chake ndimaletsa anthu kulemba kalata yonena kuti "ndikupita tsiku lakuti" ngati kuti akungodziwitsa. Koma limatinso tchuthi chiperekedwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chaka cha tchuthi chitatha, ndipo limaletsa kupereka ndalama m'malo mwa tchuthi, kupatula pamene ntchito yatha. Kwa mmisiri wathu, miyezi isanu ndi umodziyo inali kutha pa 31 Ogasiti 2025. Ndiko kunena kuti abwana anali ndi ufulu wosankha sabata, koma osati wokankhira masiku amenewa ku Disembala, ndipo pempho la Ogasiti linali ndi lamulo kumbuyo kwake pamene la kumapeto kwa Sepitembala likanadalira chifundo chawo chokha.

Mayi aja anafunsa ngati kulibe masiku a maliro amene angawonjezerepo. Alipo masiku atatu pa chaka a zochitika za m'banja, amene munthu amatenga mwana wake akadwala kapena akamwalira mkazi, mwamuna, kholo, agogo, mwana, mdzukulu kapena m'bale wobadwa naye. Koma masikuwa ndi a nthawi ya imfayo, ndipo mayi awo a mmisiriyo anamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Kwa ife chiliza ndi kumaliza maliro, ndipo ndinamva chisoni pofotokoza zimenezi pamaso pa amalume, amene womwalirayo anali mlongo wawo, koma lamulo la kumeneko silichiwerengera, ndipo kulemba zosiyana ndi zoona m'kalata kukanaononga pempho lonse.

Ndondomeko imene tinakonza

Nditaika masiku onse pa pepala limodzi, mwezi wa Ogasiti unatsala wokha. Julayi anali pafupi kwambiri kwa abale, amene ankadikira ndalama za kachewere ndi nyemba kuti agulire chakudya cha pa mwambo. Sepitembala anali atathina kale. Vuto la Ogasiti linali lakuti 14 Julayi adzakhala atadutsa, ndiye basi siikanatheka pobwera. Ndinalangiza kuti abwere pa ndege yochoka ku O.R. Tambo molunjika kudzatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ulendo wa maola awiri ndi theka umene sudutsa pa chipata cha dziko lina, popeza nzika yobwerera kwawo imangofunika pasipoti imene siinathe. Pobwerera akanakwera basi ali ndi pasipoti yatsopano. Tikiti ya ndege ya mbali imodzi inali yodula kuposa kawiri ya basi, ndipo katundu amene anasonkhanitsa, mabulangete ndi mapoto, anachita kumutumiza padera pa magalimoto a anyamata onyamula katundu. Komabe ndegeyo inamubwezera masiku awiri amene akanathera pa msewu, ndipo masiku awiriwo anali a mtengo wapatali pa chifukwa chimene chikubwerachi.

Chinthu chokhacho chimene sitikanatha kuchiikira tsiku chinali kutuluka kwa pasipoti. Masiku odikira pasipoti amene amalengezedwa ndi a ntchito, osawerengera Loweruka ndi Lamlungu, ndipo aliyense wa ntchito ngati yangayi akukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo makina a kompyuta atasokonezedwa. Choncho ndinaumirira zinthu ziwiri. Choyamba, kuti pempho la pasipoti likalowe tsiku loyamba lenileni la tchuthi, asanapite n'komwe kumudzi. Izi zinali zovuta kuzilandira, chifukwa munthu amene wakhala zaka osaona kwawo amafuna kuyamba wakagwada pa manda ndi kulonjera akuluakulu, ndipo kuchoka ku Lilongwe kufika pa Dedza ndi mtunda wa makilomita osakwana 100. Koma ndaona ambiri akunena kuti apita ku imigireshoni sabata yamawa, alendo n'kuwachulukira pakhomo, sabata ija n'kukhala yachitatu. Chachiwiri, kuti pa masiku 15 olipidwa aja tiwonjezere masiku asanu osalipidwa, olembedwa ndi kuvomerezedwa asananyamuke, oti adzawagwiritse ntchito pokhapokha pasipoti itachedwa.

Kalendala inakhala motere. Ndege Lamlungu pa 3 Ogasiti, kugona kwa m'bale ku Lilongwe, ndi kukalowetsa pempho la pasipoti Lolemba pa 4 Ogasiti. Masiku 15 a ntchito kuyambira pa 4 kufika Lachisanu pa 22 Ogasiti. Mmisiriyo ankayembekeza kuti holide ya ku South Africa ya pa 9 Ogasiti imuwonjezera tsiku, popeza lamulo limatero holide ikagwa mkati mwa tchuthi, koma limatero pokhapokha yagwa pa tsiku limene munthuyo akanagwira ntchito, ndipo mu 2025 tsikuli linali Loweruka. Masiku osalipidwa kuyambira pa 25 kufika pa 29 Ogasiti, ndipo tsiku lomaliza lobwerera pa ntchito Lolemba pa 1 Sepitembala. Kuchoka pamenepo kunatsala mwezi wathunthu wosonkhanitsira makalata a viza 1 Okutobala asanafike.

Kusuntha tsiku la chiliza sinali ntchito yanga, ndipo sindinayese kuilanda. Ndinangolemba masiku aja m'Chichewa pa pepala limene amalume anatenga kukaonetsa akubanja ndi amfumu. Atabweranso patatha masiku anayi anati, "Takambirana, chiliza chikhale pa 16 Ogasiti, koma mumuuze mphwangayo kuti simenti ifike mwezi wa Juni, amisiri asadzachite kuthamangitsidwa."

Kalata yopempha tchuthi

Kalatayo inali ya tsamba limodzi, ndipo inaperekedwa Lolemba pa 12 Meyi, kutatsala milungu khumi ndi iwiri kuti tchuthi chiyambe. Ndime yoyamba inatchula tsiku lomaliza kugwira ntchito, tsiku loyamba la tchuthi, masiku 15 olipidwa ndi chaka chimene akuchokera, ndiponso masiku awiri obwerera: 25 Ogasiti ngati pasipoti yatuluka msanga, 1 Sepitembala ngati yachedwa. Ndime yachiwiri ndi imene ndinaitayira nthawi yambiri. M'malo modandaula za mwambo wakumudzi, umene tinangoutchula m'chiganizo chimodzi, tinasonyeza abwana kuti nkhaniyi ikuwakhudza iwo omwe: lamulo la mu 2002 la za anthu olowa m'dzikomo limaletsa kulemba ntchito mlendo wopanda viza yoyenera, choncho pasipoti ikapanda kukonzedwa mu Ogasiti, kampani ikanataya mmisiri wake kumapeto kwa Novembala. Za miyezi isanu ndi umodzi ija tinazitchula mwaulemu, ngati chikumbutso, chifukwa munthu amene viza yake yamangirira pa bwana mmodzi sapindula kanthu poyamba ndi kuopseza.

Ndime yomaliza inapempha zinthu zitatu zimene anthu amaziiwala. Tinapempha kuti chilolezo chikhale cholembedwa ndi kusainidwa, masiku osalipidwa aja alimo, chifukwa chilolezo cha pakamwa chimaiwalika kapitawo akasinthidwa, ndipo wantchito wochedwa popanda pepala angathe kuonedwa ngati wathawa ntchito. Tinapempha kalata ina yapadera, ya pa pepala la kampani, yotsimikizira kuti mmisiriyo akadali wantchito wawo ndipo akuyembekezeka tsiku lakuti, yoti adzaonetse pa chipata pobwerera. Tinapemphanso kuti adziwitsidwe tsiku limene malipiro a tchuthi adzalowe, popeza lamulo limati aperekedwe tchuthi chisanayambe pokhapokha atagwirizana kuti adikire tsiku la malipiro la nthawi zonse.

Yankho linabwera Lachisanu pa 23 Meyi, litavomera zonse kupatula kuti malipiro adzalowa kumapeto kwa mwezi monga mwa nthawi zonse, ndipo mmisiriyo anavomera. Apa m'pamene ndinamulola kugula tikiti ya ndege. Ya basi ija anakaisinthitsa kuti ikhale ya mbali yobwerera yokha, yosaikidwa tsiku, ndipo gawo la ndalama zake linapita pa chindapusa, umene unali mtengo wogula tikiti chilolezo chisanatuluke.

Zimene zinachitika

Cholakwika choyamba chinali cha kwathu konkuno. Tikiti ya ndege anagula mwana wa mchemwali wake pa foni, ndipo analemba dzina la bambo ndi chilembo cha L pamene m'pasipoti lili ndi R, monga timachitira ambiri polemba maina athu mmene timawatchulira. Ine ndinali nditayerekeza kale dzina la pa chiphaso cha unzika ndi la m'pasipoti, popeza chiphasocho chimafunika popempha pasipoti ndipo dzina la m'pasipoti yatsopano liyenera kufanana ndi la pa viza, koma tikitiyo ndinaipempha mochedwa, pakati pa Julayi. Inakonzedwa ulendo usanafike, ndi ndalama pang'ono, koma zikanadziwikira pa bwalo la ndege m'mawa wa pa 3 Ogasiti ndondomeko yonse ikanagwa. Kuchokera pa nkhani iyi ndimapempha chithunzi cha tikiti tsiku lomwe yagulidwa.

Pempho la pasipoti linalowa pa 4 Ogasiti monga tinakonzera. Ndinalangiza kuti alipire njira yachangu, imene ndi yokwera mtengo, koma ndalama zinali zitathera ku ndege ndi simenti, ndipo anasankha njira ya wamba. Ndinkaona kuti ndi chisankho cholakwika, chifukwa malipiro a masiku amene akanataya akanaposa kusiyana kwa mitengoyo, koma ndalama zinali zake ndipo malo odikirira tinali titawasiya. Chimene ndinamutsindikira ndi chakuti anene poyera kuti m'pasipoti yakale muli viza imene ikugwira ntchito, ndipo aonetsetse kuti yabwezedwa kwa iye tsamba la vizalo lili losaonongeka, pakuti pasipoti ikathetsedwa siyendanso, koma viza ya mkatimo ndi umboni wokhawo wa chilolezo chake kufikira itasamutsidwa kapena atapatsidwa ina.

Chiliza chinachitika pa 16 Ogasiti. Pofika Lachitatu pa 20 Ogasiti pasipoti inali isanatuluke, ndipo pamenepa zinaoneka kuti 25 Ogasiti sathekanso, popeza basi imafuna masiku awiri. Tsiku lomwelo, osadikira kuti masiku olipidwa athe, anatumiza uthenga wolembedwa kwa abwana wonena kuti ayamba kugwiritsa ntchito masiku osalipidwa monga mwa kalata ya pa 23 Meyi, ndipo anasunga yankho lawo. Tinagwirizananso kuti pasipoti ikapanda kutuluka pofika Lachinayi pa 28, adzasiya basi n'kubwereka ndalama za ndege ya Lamlungu, ndipo ikapanda kutuluka pofika Lachisanu adzalemba kalata ina yopempha masiku owonjezera, ataphatikiza lisiti ya pempho la pasipoti. Inatuluka Lachiwiri pa 26 Ogasiti, ndipo Lachitatu pa 27 anakwera basi.

Malangizo omaliza ndinamupatsira pa chipata cha Dedza pomwepa, pamene basi inaima kuti anthu adinditse. M'Mozambique ndi m'Zimbabwe aonetse pasipoti yatsopano yokha. Pa Beitbridge, mbali ya South Africa, apereke zonse ziwiri pamodzi, yakale itatsegulidwa pa tsamba la viza, kalata ya kampani ili m'manja, ndipo asachoke pa windo asanawerenge zimene zadindidwa. Chifukwa chake n'chakuti wogwira ntchito pa chipata akaona pasipoti yatsopano ya Malawi yopanda kanthu, makamaka usiku basi zitachuluka, angathe kudinda masiku 30 a mlendo, ndipo munthu amalowa akuganiza kuti ali pa viza ya ntchito pamene makina akusonyeza kuti ndi mlendo. Chizindikiro chake ndi tsiku lothera la mwezi umodzi lolembedwa pa chidindo cholowera, ndipo kukonza zimenezi n'kosavuta munthu akadali pa windo kusiyana ndi atafika ku Germiston. Iye anapereka zonse ziwiri, anafunsidwa kumene amagwira ntchito, anaonetsa kalata ija, ndipo analowetsedwa pa viza yake.

Anafika ku Johannesburg Lachisanu pa 29 Ogasiti ndipo anayamba ntchito pa 1 Sepitembala, atataya malipiro a masiku asanu. Malo ku VFS anali atasungitsa akadali kumudzi, nambala ya pasipoti yatsopano itangodziwika, ndipo pempho lowonjezera viza linaperekedwa Lachinayi pa 18 Sepitembala, kutatsala masiku 13 kuti 1 Okutobala akwane. Pamene ndinkatseka failo yankho linali lisanatuluke. Ndinalembera mmisiriyo ndi akazi ake kuti asakonze ulendo uliwonse wotuluka m'dzikomo, ngakhale wa Khirisimasi, kufikira viza yatsopano itamatidwa m'pasipoti, ndipo kuti kukagwa zovuta kumudzi 30 Novembala atadutsa, ayambe andiimbira foni asanagule tikiti.